Kanambala kakang'ono pamwamba pa tchati, ndi madzulo a 5 Marichi 2024

## Lachiwiri lija pakhonde

Mphwanga anabwera kwathu madzulo a Lachiwiri pa 5 Marichi 2024, asanakhale n'komwe pampando foni anali atandipatsa kale m'manja. Bitcoin inali itangokwera kumene kudutsa madola 69,000, kuphwanya mtengo wapamwamba uja wa mu Novembala 2021, ndipo iye anali atalowa longi, kubetcha kuti mtengo ukwera, m'mawa wa tsiku lomwelo pa 67,000. Chikole chake chinali 200 USDT, levareji 20, kutanthauza kusewera ndi ndalama zochuluka ka 20 kuposa zake, nde pozishoni yonse inali ya madola 4,000. Pasikirini panali phindu lobiriwira la pafupifupi madola 120. Inu amene mumagula USDT ndi makwacha mukudziwa kuti 200 ija sinali yamasewera, makamaka miyezi imeneyo kwacha itangogwetsedwa ndi 44% mu Novembala 2023, munthu amachita kusonkhanitsa pang'onopang'ono kuti ifike pamenepo.

Ine maso anga sanakhalitse pa phindulo, anapita pa kanambala kaja kali pamwamba pa tchati, pamene pamalembedwa `Funding / Countdown`. Kanali kutali kwambiri ndi 0.0100% imene timaiona masiku wamba, kanali katachulukitsa kangapo konse, ndipo kanali katakhala choncho kuyambira kumapeto kwa Febuluwale.

Ndinamuuza kuti iwe, tsitsako levareji, kapena tseka theka, anthu adzadzana kwambiri mbali yako ino.

"Achimwene, ma ETF aku America akugula tsiku ndi tsiku," anandiyankha. "Ichi chikupita 70 ndi kupitirira, mungondiona."

Chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero n'choti mwanayu sananame. Ma ETF, mafandi amene amagulira anthu Bitcoin kudzera pa msika wa masheya, analoledwa pa 10 Januwale chaka chomwecho ndipo amagula zoona. Pa 14 Marichi Bitcoin inadutsadi 73,000. Koma iye kumeneko sanafikeko, 200 yake inapsa usiku womwewo wa Lachiwiri. Kulondola analondola, ndalama n'kutha. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa manambala awiri, fandingi, kamene ndi kanambala kaja, ndi openi intaresiti imene ndiifotokoza kutsogoloku, kuti mtengo ukupita kuti. Ndimawafunsa funso lina: ngati zinthu zitagwedezeka pang'ono, ndani amene athamangitsidwe pamsika mokakamizidwa, ndipo alipo ochuluka bwanji?

## Kanambalako n'ka chiyani kwenikweni

Kontirakiti imene mphwanga analowa, ya papechuwo, ilibe tsiku lothera, ndi ekisichenji ya BitMEX imene inayamba nayo mu 2016, nde poti palibe tsiku limene mtengo wake udzakakamizidwe kukumana ndi mtengo weniweni wa pa sipoti, msika umene mumagula Bitcoin yeniyeniyo, anaikapo fandingi kuti izikoka. Papechuwo ikamagulitsidwa modula kuposa sipoti, fandingi imakhala pozitivu, a malongi amalipira a mashoti, amene abetcha kuti mtengo utsika. Ikatsika pansi pa sipoti zimatembenuka, a mashoti ndi amene amalipira. Ndalamayi siipita kwa ekisichenji, imangochoka m'thumba la uyu kulowa la uyo. Pa ma ekisichenji akuluakulu ngati Binance, Bybit ndi OKX, kontirakiti ya Bitcoin imalipiritsa maola 8 aliwonse, kuno kwathu ndi 2 koloko usiku, 10 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo.

Pamene ambiri amapusitsika m'poti kanambalako kamaoneka kochepa. 0.01% katatu patsiku ndi 0.03%, pachaka ndi 10.95%. Masiku amene aja malipoti ankanena kuti pa ma ekisichenji ena fandingi ya Bitcoin yadutsa 100% pachaka, mukaigawa ndi maulendo 1,095 amene amalipiritsa pachaka mupeza kuti ndi cha m'ma 0.09% pa maola 8. Ndipo siiwerengedwa pa chikole chanu ayi, imawerengedwa pa pozishoni yonse. Tengani ya mphwanga ija: 0.09% ya 4,000 ndi madola 3.60, patsiku 10.80, kutanthauza kuti 5.4% ya chikole chake ikanamachoka tsiku lililonse ngakhale mtengo utangoima osasuntha, pakutha sabata madola oposa 75 apita pa 200. Ndipo m'waleti mukakhala mulibe ina yapadera amadula pachikole pomwepo, mtengo wa likwideshoni, pamene ekisichenji imakutsekerani pozishoni mokakamiza, n'kumasendera kufupi ndi inu pang'onopang'ono inu muli mtulo.

Nde mukaona anthu akuvomera kulipira lendi yotere kuti angokhalabe m'malongi, mwadziwa zinthu ziwiri za iwo. Akufunitsitsa, komanso sangadikire nthawi yaitali. Munthu wolipira 5% ya chikole chake patsiku amafuna mtengo ukwere lero lomwe, mawa ndi kutali.

## Koma malongi ndi mashoti si n'ngofanana?

Funso ili linandizunguza mutu nthawi ndithu ndipo ndi pamene pagona nkhani yonse. Pamsika wa papechuwo longi iliyonse ili ndi shoti yake, simungagule kontirakiti popanda wina wokugulitsani. Openi intaresiti, imene pasikirini mumaiona ngati `Open Interest` kapena `OI`, ndi chiwerengero cha makontirakiti amene adakali otsegula, ndipo iliyonse mwa iwo ili ndi munthu mbali iyi ndi wina mbali inayo. Nde wina akamati "malongi achuluka kuposa mashoti", pa kukula kwa ndalama zimenezo sizingatheke. Ngakhale `Long/Short Ratio` imene anthu amakonda kutumiza m'magulu a WhatsApp nthawi zambiri imawerenga ma akaunti, osati ndalama, akaunti ya madola 50 ndi ya madola 5 miliyoni zonse ndi imodzi imodzi.

Kudzadzana kuli pa mtundu wa anthu amene ali mbali iliyonse. Fandingi ikakwera chonchija, pamabwera anthu a ndalama zambiri amene alibe nazo ntchito zoti mtengo ukwera kapena utsika. Amagula Bitcoin imodzi pa sipoti, n'kushota Bitcoin imodzi pa papechuwo, basi. Mtengo ukakwera apindula uku n'kuluza uko, ukatsika chimodzimodzi, iwo chawo n'kutolera fandingi katatu patsiku. Ethena, kampani ya kiripito imene inatsegulira anthu onse ndalama yake yotsatira dola yotchedwa USDe mu Febuluwale 2024, ntchito yake yaikulu inali yomweyi, kusunga ndalama za kiripito kwinaku ikushota pa papechuwo.

Taonani tsono mmene msika umakhalira. Mbali ya shoti kuli munthu wodekha, wotetezedwa ndi katundu weniweni amene wasunga, ndipo akulipidwa chifukwa chongodikira. Mbali ya longi kuli anyamata ngati mphwanga masauzande ambirimbiri, levareji 20, ena 50, alibe chowateteza, akulipira lendi, ndipo mitengo yawo ya likwideshoni yaunjikana pafupipafupi pansi pa mtengo wa lero. Makontirakiti n'ngofanana inde, koma mbali imodzi yokha ndi imene ingakakamizidwe kugulitsa. Kudzadzana kumene timanena n'kumeneko. Fandingi imakuuzani mbali imene ikulipira kuti ikhalebe, OI imakuuzani kuti katundu amene angagwe nthawi imodzi ndi wochuluka bwanji, ndipo imodzi popanda inzake siikuthandizani kwenikweni. Fandingi yokwera koma OI yochepa ndi phokoso la anthu ochepa. OI yaikulu koma fandingi ili phee, katundu alipo koma simukudziwa kuti wapendekera kuti.

## OI muziiwerenga mu Bitcoin, osati m'madola

Apa ndiime pang'ono chifukwa ndimaona ma sikirinishoti ambiri akuzungulira, "OI yafika pamene sinafikepo", anthu n'kuyamba kunjenjemera. Tiyerekeze pa ekisichenji ina pali makontirakiti otsegula a ma Bitcoin 100,000, mtengo uli 50,000, m'madola ndi 5 biliyoni. Mtengo ukwere kufika 60,000, popanda munthu ndi mmodzi yemwe wotsegula kontirakiti yatsopano, tchati cha m'madola chikuonetsani 6 biliyoni. Yakwera ndi 20% koma palibe chachitika. Nde pa mawebusaiti oonetsa manambalawa ngati Coinglass, Coinalyze kapena Velo, musanayambe kuganiza chilichonse sinthani kaye kuti OI ioneke mu ndalama yeniyeniyo, BTC ngati ndi Bitcoin, ndipo muone ya ma ekisichenji onse pamodzi osati imodzi yokha.

Mukatero muziiyika pambali pa mtengo. Mtengo ukamakwera OI mu BTC ikutsika, nthawi zambiri ndi a mashoti amene akutseka kapena akuwotchedwa, kugula kwawo n'kokakamizidwa ndipo akatha kutseka mphamvu imeneyo imatheranso pomwepo. Mtengo ukamakwera OI nayo ikukwera, ndi mapozishoni atsopano akulowa, ndipo apa m'pamene fandingi imagwira ntchito yake chifukwa ndi imene ikuuzeni kuti wolowa mwaphuma ndani. Ikamakwera limodzi nawo ndiye kuti a malongi ndi amene akuthamangitsa mtengo ndi ndalama zobwereka. Ikakhala pansi kapena negetivu mtengo ukukwerabe, ndiye kuti ogula enieni ali pa sipoti ndipo pa papechuwo anthu akulimbana nako kukwerako, amenewo ndi amene ali pamoto.

Chithunzi chimene chimandiopsa kuposa zonse ndi ichi: fandingi yakhala pamwamba masiku angapo, OI mu BTC ikungokwerabe, koma mtengo wasiya kuyenda, ukungogunda pamalo amodzi n'kubwerera. Tanthauzo lake n'loti malongi atsopano akulowa ndithu koma pali wina amene akuwagulitsa zonse zimene akufuna, ndipo longi iliyonse yolowa mochedwa chonchi likwideshoni yake ili pafupi kwambiri ndi mtengo wa panopa.

## Mmene zinagwera

Tibwerere pa masamu a mphwanga. Pa levareji 20 chikole ndi 5% ya pozishoni, ndipo ekisichenji siidikira kuti chithe chonse, imasunga kachigawo kena, cha m'ma 0.4% pa pozishoni yaing'ono ya Bitcoin, nde mtengo ukangotsika ndi 4.6% yakutsekerani. Kuchoka pa 67,000 ndi cha pa 63,900. Kwa Bitcoin kutsika kotere si nkhani n'komwe, kumachitika pa tsiku wamba.

Mtengo utangogunda 69,000 anthu amene anasunga Bitcoin kwa nthawi yaitali anayamba kugulitsa, zimene si zachilendo pa malo ngati amenewo. Kutsika koyambako kunali kwabwinobwino. Koma kunakafika pamene panali ma likwideshoni a anthu a levareji 50 ndi 100, ndipo likwideshoni ya longi ndi oda yogulitsa pamtengo uliwonse umene ulipo, siifunsa, siidikira. Kugulitsa kumeneko kunakankhira mtengo pansi kukapeza a levareji 25 ndi 20, awonso n'kugulitsidwa mokakamiza, kukapeza a 10. Tinali tidakali limodzi foni yake italira, anaiyang'ana, n'kuitembenuza pansi pa tebulo osayankhula kanthu, nsima anangoisiya. Pofika usiku Bitcoin inali pansi pa 60,000, kutsika kwa pafupifupi 14% m'maola ochepa, ndipo mapozishoni a ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola anatsekedwa mokakamiza pamsika wonse wa kiripito tsiku limenelo, ambiri ake malongi.

Onani kusiyana kwake. Akanalowa pa 67,000 pomwepo ndi levareji 10, likwideshoni ikanakhala cha pa 60,600, akanapsabe. Ndi levareji 5 ikanakhala cha pa 53,900, akanapulumuka, ndipo pa 73,000 pozishoni ya madola 1,000 ikanamupatsa cha m'ma 90 musanachotse fandingi. Ndi yochepa poyerekeza ndi imene ankailota, koma 200 yake ikanakhalapo. Maganizo omwewo, tsiku lomwelo, mtengo wolowera womwewo, chosiyana ndi mtunda wokha pakati pa iye ndi likwideshoni. Ndipo kanambala kaja kanali kakunena poyera kuti lero si tsiku loimirira pafupi.

## Nde bwanji osangoshota fandingi ikakwera?

Ndikudziwa wina wafika kale pamenepa, akuti aise nde zophweka, ndikaona 0.09% ndizishota basi. Chonde ayi. Awa ndi malo achiwiri amene anthu amapsera ndipo amapsa akudziona ngati ochenjera kuposa anzawo.

Fandingi ija sinayambe pa 5 Marichi. Pa 27 Febuluwale Bitcoin inali cha pa 57,000 ndipo fandingi inali itatentha kale. Munthu amene akanashota tsiku limenelo ndi levareji 10, likwideshoni yake ikanakhala cha pa 62,500, ndipo tsiku lotsatira lomwe, pa 28, mtengo unakagunda cha pa 64,000. Akanatolera fandingi mwina katatu, tinene 0.27% ya pozishoni, n'kuluza chikole chonse. Ndipo ngakhale kugwa kwa pa 5 Marichi kuja sikunafike pa 57,000 pamene iye akanalowera. Msika wodzadzana ukhoza kudzadzanabe sabata yathunthu kapena kuposa, makamaka ngati pansi pake pali ogula enieni a pa sipoti ngati mmene zinalili ndi ma ETF nthawi imeneyo.

Zili ngati bwato limene lanyamula mopyola muyeso panyanja, mukaliona muli pagombe mumadziwa ndithu kuti lamira kwambiri m'madzi ndipo funde laling'ono likhoza kuligudubuza, koma simungadziwe kuti fundelo libwera liti, mwinanso liwoloka bwinobwino kukafika tsidya. Chimene mungasankhe inu n'choti mukwere kapena ayi, ndipo mukakwera mukhale pati.

Mbali inayo ndi chimodzimodzi. Ekisichenji ya FTX itagwa mu Novembala 2022 fandingi inalowa negetivu kwambiri, aliyense amafuna kushota kapena kudziteteza, ndipo Bitcoin inakafika pansi pake cha pa 15,500 mwezi womwewo. Poyang'ana m'mbuyo zikuoneka zophweka kuti a mashoti anadzadzana, koma amene analowa longi ya levareji yaikulu tsiku loyamba limene fandingi inatembenuka anakumana ndi kutsika kwina kaye, ndipo kukwera kwenikweni kunadzayamba mu Januwale 2023.

## 0.01% imabisa zambiri

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa ndipo chimasintha mmene mumaonera kanambala kaja. Njira imene BitMEX inayambitsa, imene Binance ndi ena anatengera, ili motere:

```
F = P + clamp(I - P, -0.05%, +0.05%)
I = 0.01%
```

`P` ndi kusiyana kwa mtengo wa papechuwo ndi wa pa sipoti, `I` ndi chiwongoladzanja chokhazikika, ndipo `clamp` imatanthauza kuti za mkatimo sizingapyole 0.05% mbali iliyonse. Yesani kuikamo manambala. `P` ikakhala 0.05%, mkatimo mutuluka -0.04%, fandingi 0.01%. `P` ikakhala -0.03%, mkatimo mutuluka 0.04%, fandingi 0.01% yomweyo. Kuyambira -0.04% mpaka 0.06% yankho ndi limodzi. Nde mukaona 0.0100% sizikutanthauza kuti a malongi achulukako pang'ono, ndi pamalo pamene kanambalako kamapumira basi, ndipo papechuwo ikhoza kukhala pansi pa sipoti inu mukuonabe pozitivu. Kutembenuza kwake, fandingi ikangotsika kufika 0.003% kapena 0, ngakhale isanalowe negetivu, papechuwo yatsika kale pansi pa sipoti mooneka. Ndipo ikafika 0.05% dziwani kuti `P` ili pa 0.10%, yadumpha kale mpanda wonse uja. Ofuna kuona zimene zikuchitika mkati mwa mpandawo amayang'ana `Premium Index` mwachindunji.

Samalaninso ndi nthawi. Ndalama zing'onozing'ono zambiri zimalipiritsa maola 4 aliwonse, pena ola lililonse zinthu zikavuta, ndipo ekisichenji ya Hyperliquid imalipiritsa ola lililonse nthawi zonse. 0.01% pa ola ndi 0.08% pa maola 8. Musanafanizire ma ekisichenji awiri muziwabweretsa kaye pa muyeso umodzi, kaya wa maola 8 kaya wa pachaka. Komanso imene mukuiona ikusinthasintha pafupi ndi kawotchi kowerenga chobwerera kaja ndi yongoyerekeza ya ulendo ukubwerawu, mbiri ya zimene zinalipiridwadi ili pa `Funding Rate History`, ndipo ndi imeneyo imene imakuuzani ngati kutenthaku kwakhalitsa kapena n'kwa ola limodzi.

Pa tindalama ting'onoting'ono ndimakhala wokayikira kwambiri. Mukhoza kuona fandingi ya -1% n'kuganiza kuti a mashoti adzadzana, awotchedwa posachedwa, pamene oshotawo ndi anthu amene ali ndi matokeni otsekeredwa amene sangawagulitse panopa nde akungodziteteza, ndipo akhoza kupirira nthawi yaitali kuposa inu. Penanso msika wa sipoti wa kandalamako ndi wopyapyala moti anthu ochepa akhoza kuukankha dala kuti fandingi ipenge n'kukopa anthu. Pamenepo ndimayang'ana OI poyerekeza ndi mtengo wa ndalama yonseyo pamsika. Ya Bitcoin imakhala maperesenti ochepa chabe, nde ndikaona kandalama kamene OI yake ikuyandikira theka la mtengo wake wonse ndimadziwa kuti papechuwo ndi imene ikuyendetsa mtengo, ndipo ndimangokasiya.

## Tsiku limene fandingi sinakuwe

Ndisakupatseni chithunzi choti manambalawa amachenjeza nthawi zonse. Pa 10 Okutobala 2025, cha m'ma 11 koloko usiku nthawi yathu, a Donald Trump atalengeza msonkho wina wa 100% pa katundu wochokera ku China, msika wa kiripito unagwa moti Coinglass inawerenga ma likwideshoni oposa 19 biliyoni ya madola pa tsiku limodzi, kuposa tsiku lina lililonse m'mbuyomo. Masiku ochepa izi zisanachitike Bitcoin inali itafika cha pa 126,000 ndipo OI inali pamwamba zedi, koma fandingi ya Bitcoin sinali yolusa ngati ya Marichi 2024 ija. Munthu amene ankangodikira kuona 0.09% kuti achenjere sanaione.

Chifukwa china n'chomwe ndanena kale chija. Anthu otolera fandingi achuluka ndipo ali ndi ndalama zambiri kuposa kale, ikangoti ikwere amabwera n'kushota mpaka itatsika. Kanambalako kamaoneka kofatsa koma makontirakiti awonjezeka, a malongi a levareji alipobe, angopeza owagulitsa ambiri. Nde masiku ano OI mu BTC ikamakwera kwa masabata fandingi ili pa 0.01% sindinena kuti kuli bata, ndimanena kuti katundu waunjikana ndipo fandingi siikundiuza zambiri. Usiku umenewo tindalama tina tinatsika ndi theka kapena kuposa m'mphindi zochepa chifukwa ma oda ogula anangosowa m'buku, ndipo ngakhale a levareji 2 kapena 3 pa tindalama timeneto ena anapsa. Pa zotere palibe nambala imene ikanakuuzani ola lake.

## Zimene ndimachita ndisanadine batani

Sindiyamba ndi tchati cha mtengo. Ndimatsegula kaye fandingi ya ma ekisichenji angapo pamodzi, yoyezedwa molingana ndi OI ya iliyonse, n'kuona masabata angapo apitawa, chifukwa nambala ya lero payokha ilibe tanthauzo ngati simukudziwa kuti masiku wamba ndalama imeneyo imakhala pati. Kenako OI mu BTC nthawi yomweyo. Ndikapeza zonse ziwiri zili pamwamba ndipo ine ndikufuna kulowa mbali yomweyo ya anthu ambiriwo, maganizo anga a kumene mtengo ukupita sindiwataya ayi, chimene ndimasintha ndi chida. Ndimagula pa sipoti pamene palibe lendi komanso palibe wondithamangitsa, kapena ngati ndi papechuwo ndimachepetsa mpaka likwideshoni ikhale kutali kuposa kugwa kwa mtundu wa 14% kuja, ndi malo otsala. Ndimawerengeranso lendi ya sabata yathunthu m'madola ndisanalowe, ndikaona kuti ikudya gawo lalikulu la phindu limene ndikuyembekeza ndiye kuti tirediyo ndi yodula kale ngakhale nditalondola.

Ndipo nthawi imene manambalawa amandithandiza kwambiri si kugwa kusanachitike, ndi pambuyo pake. Pa 6 Marichi 2024 fandingi inali itatsika kwambiri kuchoka pamene inali, makontirakiti ambiri atafufutika usiku umodzi, koma ogula a pa sipoti aja anali adakalipo, mtengo n'kubwerera pamwamba pa 65,000. Nkhani imene inkakweza mtengo sinasinthe, chimene chinachoka ndi anthu amene akanakakamizidwa kugulitsa. Nde kandulo yofiira yaitali ikadutsa ndimayang'ana ngati OI mu BTC yagwadi mooneka ndiponso ngati fandingi yabwerera pa 0.01% kapena pansi pake. Zikatero ndiye kuti ambiri okakamizidwa atuluka. Koma mtengo ukatsika OI osasuntha, kapena ikukweranso fandingi idakali pamwamba, ndiye kuti anthu akuthamangira kugula kutsikako ndi levareji ina, ma likwideshoni atsopano akuunjikana pansi pomwepo, ndipo ine pamenepo ndimadikira malipiro a fandingi ena awiri kapena atatu adutse kaye ndione ngati OI itsike ndisanaikepo ndalama yanga.